Bambo akukana nsima chiyambireni fulajilo, chonsecho ali pa mankhwala a shuga

Nabanda wa ku Chulu: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa a zachipatala amene muli muno. Bambo anga ali ndi zaka 68, amadwala shuga, ndipo akhala akumwa gilibenikilamayidi piritsi limodzi la mamiligalamu 5 m'mawa uliwonse kwa zaka ndithu. Mwezi uno anawawonjezera metifomini. Kenaka dzino linatupa, analichotsa, n'kuwapatsa amokisisilini ndi fulajilo. Panopa akuti chilichonse chikuwawa, ngakhale madzi a pamjigo. Nsima akungodya mbamu ziwiri zitatu n'kusamba m'manja. Eni ake akuti asiye mankhwala onse mpaka mkamwa mukhale bwino. Kodi ndiwalole?

A Chisale: Ameneyo ndi fulajilo, musavutike n'kuganiza. Aliyense amene anamwapo amadziwa. Mkamwa mumakhala ngati mwavumata ndalama yachitsulo. Apirire, akamaliza zitha zokha.

A Mwale: A Chisale akhoza kukhala kuti alondola, koma tisathamange. ANabanda, tsegulani buku lawo la kuchipatala mutiwerengere masiku. Metifomini anayamba pa chani, mapiritsi angati, ndipo anawonjezera liti? Fulajilo anayamba liti, wa masiku angati? Ndipo kudya kunayamba kuchepa liti, kuwawa kunayamba liti? Ziwirizi musaziphatikize, chifukwa munthu akhoza kusowa njala mkamwa muli bwinobwino, wina njala ali nayo koma chakudya chikafika pa lilime n'kubwerera. Funso lina lofunika kuposa onsewa: masiku amene sakudyawa, gilibenikilamayidi uja akumwabe?

Nabanda wa ku Chulu: Metifomini anayamba pa 2, mamiligalamu 500 kawiri pa tsiku. Pa 9 anayamba kumwa katatu monga analembera. Dzino anachotsa pa 14, ndipo tsiku lomwelo anayamba fulajilo, mapiritsi awiri a 200 katatu pa tsiku, a masiku 5. Lero pa 17. Mayi akuti kudya kunachepa chapakati pa sabata yachiwiri, ankasiyako theka la mtanda ndipo m'mimba munkawatsegula pang'ono, koma sankadandaula zowawa. Kuwawaku kwayamba pa 15 madzulo. Gilibenikilamayidi akumwa ndithu, sadumphitsa. Dzulo cha m'ma 11 koloko anatuluka thukuta lambiri ali chikhalire pakhonde, manja akunjenjemera, akuyankha zosagwirizana. Mayi anawapatsa thobwa ndipo zinatha. Tinangoti mwina ndi kufooka ndi njala.

A Mwale: Basi, nkhani yaikulu ndi ya dzuloyo, osati ya kuwawa. Zimene mwafotokozazo ndi shuga wotsika kwambiri, ndipo thobwa lija ndi limene linawadzutsa.

Ndifotokoze chifukwa chake. Gilibenikilamayidi amakakamiza thupi kutulutsa insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Piritsi silidziwa kuti m'mimba mulibe kanthu. Munthu akamadya mitanda yake iwiri masana ndi madzulo, mamiligalamu 5 aja amakhala olingana ndi chakudyacho. Tsiku limene wadya mbamu zitatu, mlingo womwewo umakhala wochuluka zedi. Kuwonjezera apo mphamvu yake imakhalitsa, ikhoza kufika tsiku lathunthu, ndipo kwa achikulire amene impso zayamba kutopa imapitirira pamenepo. N'chifukwa chake munthu amatsitsimuka ndi thobwa masana, usiku shuga n'kudzatsikanso ali mtulo, pamene palibe womuona.

Ndiye yankho la funso lanu lili pawiri. Kusiya mankhwala onse ayi. Koma gilibenikilamayidi asamwe pamene sakudya, ndipo mawa m'mawa apite kuchipatala ndi buku lawo komanso mapaketi onse, akayezedwe shuga asanamwe piritsilo. Za lero: amwa kale m'mawa, eti? Ndiye asagone ndi njala, ndipo wina agone pafupi nawo.

Anesi Naphiri: Ndiwonjezere za usiku uno, kuti amayi adziwe chochita. Ikani shuga wa patebulo ndi kapu ya madzi pafupi ndi pogona. Akaona thukuta, kunjenjemera, mtima kugunda kwambiri, kulusa kopanda chifukwa kapena kuyankhula zosokonekera, asungunule masupuni ang'onoang'ono a tiyi 3 kapena 4 m'theka la kapu ya madzi, amwe onse. Theka la botolo la fanta kapena kokakola limagwiranso ntchito yomweyo, koma osati zakumwa zija zopanda shuga. Dikirani mphindi 15. Ngati sizinasinthe, bwerezani. Zikasintha, adye chinthu cholimba, phala kapena mbatata, chifukwa shuga wosungunula uja amapsa msanga. Ngati muli ndi kamakina koyezera, chilichonse chochepera 3.9 pa makina owerenga mu mmol/L, kapena 70 pa owerenga mu mg/dL, ndi chotsika.

Akakomoka kapena akalephera kumeza, musawathire madzi mkamwa, angatsamwe. Agonekeni chammbali, pakani shuga wonyowa mkati mwa tsaya, ndipo pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo, osadikira kuche.

Mbewe wa pa Chinkhoma: Ine ndimaona ngati vuto ndi njala basi. Pamsika pali timapiritsi ndi manyuchi aja opatsa chilakolako cha chakudya, munthu akamwa amadya mpaka kunenepa. Agulireni amenewo, sabata imodzi adzakhala akuitanitsa nsima okha.

Mayi Nkhoma a kufamase: A Mbewe, amenewo ayi, makamaka kwa bambo awa. Ambiri mwa mankhwala amenewo muli sayipuloheputadini, amene amagonetsa ndi kuumitsa mkamwa. Mkamwa mouma ndiye chakudya chimasiyiratu kukoma, chifukwa lilime limamva kukoma kwa chinthu chikasungunuka m'malovu. Komanso munthu amene tikuopa kuti shuga angamutsikire usiku sitingamupatse chomugonetsa tulo tofa nato. Ena ogulitsa amasakanizamo kapena kugulitsa padera dekisametazoni ndi puledinisoloni. Amenewa njala amabweretsadi, koma amakweza shuga koopsa ndipo amachedwetsa bala kupola. Kunenepa kumene mukunenako nthawi zambiri kumakhala kutupa nkhope ndi mimba.

A Mwale: Tsopano tibwerere ku masiku aja, chifukwa akutiuza kuti olakwa ndi awiri, aliyense ndi mlandu wake.

Kuchepa kwa kudya ndi kutsegula m'mimba kunayamba pa 9 atadutsa, dzino lisanachotsedwe, fulajilo asanalowe m'nyumba. Ameneyo ndi metifomini, ndipo kwagwirizana ndendende ndi tsiku limene anakwera kuchoka pa mapiritsi awiri kufika atatu. Metifomini amagwira ntchito yambiri m'matumbo, ndiye nseru, kukhuta msanga, mpweya ndi chimbudzi chamadzi ndi zodziwika m'masabata oyamba. Zimakula mlingo ukakwera mothamanga kapena munthu akamwa m'mimba mulibe kanthu. Kwa ambiri zimazilala pakatha sabata ziwiri kapena zitatu thupi likazolowera. Njira yofatsa ndi kuyamba ndi piritsi limodzi la 500 pa chakudya chamadzulo, pakatha sabata kapena ziwiri n'kuwonjezera lachiwiri pa chakudya cham'mawa, ndipo ngati m'mimba mwavuta n'kubwerera pa mlingo umene munthu ankaupirira, kudikira, kenaka kuyesanso.

Kuwawa kwa pa 15 madzulo ndi kwa fulajilo, monga ananenera a Chisale. Anthu amaganiza kuti ndi piritsi lija limasiya kuwawa podutsa pa lilime. Kumeneko kulipo, koma kumatha ndi madzi. Kumene kumakhalitsa n'kwakuti mankhwala akalowa m'magazi amatulukiranso m'malovu, mlingo wake pafupifupi wofanana ndi wa m'magazimo. Ndiye lilime limakhala likunyowa ndi mankhwala usana ndi usiku, ndipo chilichonse chimene chalowa mkamwa chimasakanikirana nawo. Mjigo ulibe mlandu. Metifomini nayenso amatulukira m'malovu ndipo ena amamva kachitsulo ndi iye yekha, ndiye awiriwa akakumana zimanyanya.

Chabwino cha fulajilo n'chakuti satenga nthawi kuchoka m'thupi. Theka lake limachoka pa maola pafupifupi 8 aliwonse. Akamwa piritsi lomaliza pa 19, pofika pa 21 kapena 22 mkamwa muyenera kukhala mutayamba kubwerera.

A Chisale: Nanga ngati zili choncho, bwanji osangosiya fulajiloyo lero? Dzino lachoka kale, amokisisilini akumwa. Kwatsala masiku awiri okha.

A Mwale: Funso limeneli si lopanda nzeru. Pa dzino lotupa, chimene chimachiritsa kwenikweni ndi kuchotsa dzinolo ndi kutulutsa mafinya. Ngati tsaya laphwa, thupi silikutentha, kamwa ikutseguka bwino ndipo akumeza popanda vuto, wa mano akhoza kunena kuti fulajilo akwanira. Koma zimenezi anene ndi munthu amene waona mkamwamo ndi maso.

Anesi Naphiri: Apa ine ndi a Mwale tisiyana pang'ono. Kwa munthu wa shuga wa zaka 68, matenda a dzino amatha kutsikira pansi pa chibwano ndi m'khosi mwamsanga. Masiku awiri a kuwawa ndi opiririka. Ine ndinganene kuti amalize, chachikulu achotse chiopsezo cha gilibenikilamayidi. Komanso tikazolowetsa anthu kuti mkamwa mukawawa mankhwala amasiyidwa, mawa adzasiya a chifuwa chachikulu.

A Mwale: Ndikumva. Sindikuti asiye okha. Ndikuti afunse mawa, popeza akupita kale.

Nabanda wa ku Chulu: Zikomo. Tsaya laphwa ndithu koma pabala pakadali kupweteka. Nanga pakadali pano ndiwaphikire chiyani? Dzulo tinapha nkhuku, ananyambitako n'kuti ikununkha chitsulo. Komanso mayi amawaphwanyira fulajiloyo m'supuni chifukwa akuti kumeza kukuvuta.

Mayi Nkhoma a kufamase: Kuphwanyako asiye lero lomwe. Fulajilo wophwanya ndi wowawa moti munthu akhoza kusanza, ndipo ufa wake umakanirira m'mano ndi pabala. Amwe chonchi: ayambe adyako masupuni angapo a phala, amwe madzi pang'ono kuti pakhosi panyowe, aike piritsi limodzi kumbuyo kwa lilime, ameze ndi madzi odzaza kapu, kenaka lachiwiri, n'kupitiriza phala lija. Akhozanso kulikwirira mu supuni ya phala lozizira n'kumeza osatafuna. Metifomini chimodzimodzi, pakati pa chakudya kapena atangomaliza, osati m'mamawa ndi madzi okha.

Ngati kumeza kukuvutadi, osati chifukwa choopa kuwawa, mukanene mawa. Kuvutika kumeza pambuyo pa dzino lotupa si kongokuyang'ana.

China, mowa. Kaya ndi kachasu, chibuku kapena masese, asakhudze mpaka patadutsa masiku awiri athunthu atamaliza fulajilo. Kuphatikiza kumabweretsa kusanza, mutu, nkhope kutentha ndi mtima kuthamanga. Ndi thobwa lomwe samalani: la lero kapena la dzulo palibe vuto, koma logona masiku angapo lija layamba kusasa ndi mowa kale.

Anesi Naphiri: Za chakudya. Nyama ndi imene imayamba kukanidwa mkamwa mukakhala chitsulo, makamaka ya ng'ombe ndi mbuzi, ndiye musawononge nkhuku ina. Chakudya chotentha chimatulutsa fungo lambiri ndipo chimautsa nseru, choncho muzisiya chizizire kaye. Mbale yodzaza imagwetsa ulesi munthu wopanda njala. M'malo mwa kawiri kwambiri, muwapatse kasanu kapena kasanu n'kamodzi pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu aliwonse, osadikira kuti anene kuti ali ndi njala, chifukwa sanena.

Kuno kwathu mtedza sitisowa. Kapu ya phala la mgaiwa lothira masupuni awiri akulu a nsinjiro m'mawa. Cha m'ma 10 dzira lowiritsa lozizira kapena nthochi imodzi. Masana kamtanda kakang'ono ndi nkhwani wotendera kapena nyemba zopota, zofewa kuti bala lisavutike. Cha m'ma 3 futali pang'ono kapena chambiko. Madzulo phala kapena nsima, ndipo asanagone kenakake kakang'ono. Zowawasa zimathandiza ambiri chifukwa zimakoka malovu ndi kuphimba kachitsulo kaja: chidede, madzi a bwemba kapena a malambe osathira shuga, madontho a mandimu m'madzi akumwa. Koma pabala pakadali paliwisi, ndiye zikamaluma asiye. Phala adye ndi supuni ya pulasitiki, madzi amwere m'kapu ya pulasitiki kapena ya dothi, osati yachitsulo.

Asanadye achukuche mkamwa. Mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira thirani supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi ina imodzi ya soda wophikira uja wa m'therere. Achukuche mofatsa n'kulavula, osameza, ndipo osachukucha mwamphamvu kuti magazi ouma a pabala asachoke. Lilime alitsuke ndi mswachi wofewa kawiri pa tsiku, chifukwa fulajilo amasiya zoyanga pa lilime zimene zimawonjezera kuipa kwa mkamwa.

A Chisale: Ife tinkamva kuti munthu wa shuga asadye nthochi, mbatata, thobwa. Lero anesi mukuwapatsa zonsezi?

Anesi Naphiri: Pa masiku abwinobwino timachepetsa, inde. Sabata ino chiopsezo chawo ndi shuga wotsika, osati wokwera. Shuga akakwera pang'ono kwa masiku atatu sawapha, koma akatsika kwambiri usiku umodzi akhoza kuwononga ubongo. Akayambanso kudya bwino abwerera ku malamulo awo akale.

Nasoko wa ku Santhe: Pepani ndilowererepo. Ine ndili woyembekezera, mapiritsi a magazi a kusikelo aja amandipatsa nseru ndipo mkamwa mumamveka dzimbiri. Ndinayamba kumwera tiyi kuti asamveke. Kodi ndi zomwezi?

Mayi Nkhoma a kufamase: Zofananako, koma njira yake ndi ina, achemwali. Mapiritsi amenewo ndi ayironi, ndiye kadzimbiri kamachokera ku piritsi lenilenilo ndi kubwerera kwa mpweya wa m'mimba. Mimba payokhanso imasintha kakomedwe ka zinthu, makamaka miyezi itatu yoyamba. Tiyi ndiye musamwere, amamanga ayironi m'matumbo kuti asalowe m'magazi, mkaka nawonso chimodzimodzi. Siyanitsani ndi maola awiri. Yesani kumwa usiku mutatha kudya, ndi madzi, kapena ndi chipatso chowawasa ngati lalanje kapena bwemba. Chimbudzi chikada musadabwe, ndi mmene amachitira. Zikakanikabe musangosiya mwakachetechete, kauzeni anamwino a kusikelo, pali njira zosinthira kamwedwe.

A Mwale: Ndibwerere kwa bambo aja, pali zinthu ziwiri zoti mukanene mawa ngakhale asakufunseni.

Choyamba, ngati ayamba kusanza mobwereza, kutsegula m'mimba kwambiri kapena kulephera kumwa madzi, metifomini nayenso amayamba waimitsidwa mpaka atayambanso kudya ndi kumwa. Thupi likauma impso zimalephera kumuchotsa, amaunjikana, ndipo magazi amatha kusanduka asidi. Sizichitika kawirikawiri koma zikachitika n'zoopsa: kupuma mwaphuma, kupweteka m'mimba ndi m'minofu, kufooka kwambiri. Kusowa njala kokha, munthu akumwa madzi ndi kukodza bwino, si chifukwa choimitsira.

Chachiwiri, musayankhe pano pagulu, ndi za inu ndi adokotala: ngati amamwa ma ARV. Amene anthu ambiri akumwa masiku ano muli dolutegilaviya, ndipo ameneyu amakweza mlingo wa metifomini m'magazi. Munthu wotere mapiritsi atatu a 500 amamugwira ngati wamwa ochuluka kuposa pamenepo, n'chifukwa chake nthawi zambiri sitipyola mamiligalamu 1000 pa tsiku. Vuto limabwera pamene ma ARV amatengera khomo lina, a shuga khomo lina, mabuku awiri, ndipo wolemba wina sakudziwa za mnzake. Nenaninso za mankhwala a bipi ngati alipo, ndi a zitsamba omwe.

Mbewe wa pa Chinkhoma: A bipi nawonso amawawitsa mkamwa? Achimwene anga amati ndiwo zilibe mchere chonsecho tonse tikumva.

A Mwale: Amatero ena. Wodziwika kwambiri ndi kaputopulilo, amene amazimitsa lilime kapena kubweretsa kachitsulo, kawirikawiri pakatha milungu ingapo chiyambireni, osati tsiku loyamba. Enalapulilo amachitanso koma mwa apo ndi apo, iye amadziwika ndi kachifuwa kouma kosatha. Vuto lake mwaliona kale: munthu wa bipi akasiya kumva mchere amayamba kuthira wambiri, bipi n'kukwera, kuchipatala n'kumuwonjezera mankhwala. Akanene, alipo ena a bipi oti angasinthire. Koma aonenso ngati sakumwa zoumitsa mkamwa monga amitiriputilini kapena pilitoni, ndiponso ngati mphuno sizinatsekeke, chifukwa zambiri zimene timati kukoma timazimva ndi mphuno. Womva mchere, shuga ndi kuwawasa bwinobwino koma osasiyanitsa usipa ndi nyemba, vuto lili m'mphuno.

Nabanda wa ku Chulu: Mwadzuka bwanji. Tabwerako kuchipatala. Usiku unadutsa bwino, anadya phala 9 koloko. M'mawa sanamwe gilibenikilamayidi, ndipo shuga anapezeka 4.3 asanadye kanthu. Adokotala amuimitsa kaye, metifomini amubweza pa kawiri pa tsiku pa chakudya, akuti tibwerenso pakatha sabata ziwiri. Sikelo yawonetsa makilogalamu 56, mwezi watha m'buku analemba 58. Fulajilo akuti amalize. Koma atayang'ana mkamwa apeza zoyera m'masaya ndi pa lilime, awapatsa mankhwala amadzi achikasu odonthezera mkamwa kanayi pa tsiku. Zimenezi zachokera kuti?

Anesi Naphiri: Ndiye wolakwa wachitatu ameneyo, amene sitikanamuona pa foni. Zoyerazo ndi mafangasi. Mkamwa mwa aliyense muli tizilombo tosiyanasiyana timene timaletsana kuchuluka. Amokisisilini ndi fulajilo akapha tina, mafangasi amapeza malo, ndipo mwa munthu wa shuga amakula msanga. Amawotcha lilime, amazimitsa kukoma, ndipo akatsikira kukhosi kumeza kumapweteka, mwina n'chifukwa chake amayi ankaphwanya mapiritsi. Kusiyana kwake ndi zoyanga wamba n'kwakuti ukapukuta zoyerazo pansi pake pamatsala pofiira, nthawi zina potuluka timagazi.

Mankhwalawo akhala nisitatini. Ambiri amalakwitsa kamwedwe kake, amangomeza ngati manyuchi a chifuwa. Amagwira ntchito pokhudza pamene pali vutopo. Amwe atatha kudya ndi kutsuka mkamwa, awasunge mkamwa akuzunguliza ndi lilime kwa mphindi zingapo, kenaka ameze, ndipo asadye kapena kumwa kanthu kwa theka la ola. Gwedezani botolo musanathire. Apitirize masiku onse amene alembedwa, ndi masiku awiri zoyerazo zitatha, apo ayi zimabwerera. Ngati ali ndi mano ovala, azivula usiku ndi kuwatsuka.

A Mwale: 4.3 ameneyo, m'mawa, patatha tsiku lathunthu chimwereni piritsi lomaliza, akusonyeza kuti akanamwa lina n'kusadya zikanabwereza za pakhonde zija. Koma dziwani kuti akayamba kudya bwino shuga akwera, popeza mankhwala achepa mbali ziwiri. Musadabwe ndipo musabwezeretse gilibenikilamayidi panokha. Mukaona ludzu lambiri, kukodza pafupipafupi usiku ndi kufooka, musadikire sabata ziwirizo. Pa ulendo wotsatira funsani ngati angayeze impso, komanso ngati gilibenikilamayidi akadali woyenera pa msinkhu wawo, chifukwa kwa achikulire ambiri timakonda ena osakhalitsa m'thupi ngati alipo.

Masiku oti muwerengere ndi awa. Kuwawa kuyambe kuchepa pofika pa 22. Zoyera zichepe mkati mwa sabata. Njala ibwerere pang'onopang'ono m'sabata ziwiri. Pa tsiku lobwerera akwerenso sikelo yomweyo. Makilogalamu awiri atayika kale. Ngati apitirira kutsika mankhwala atasinthidwa, tisiye kunamizira mapiritsi, afufuzidwe zina: chifuwa chachikulu, impso, chiwindi, m'mimba, ngakhale kukhumudwa, kumene kwa achikulire kumayamba ndi kukana chakudya.

A Chisale: Pa wailesi ndinamvapo kuti zinki amabwezeretsa kukoma mkamwa. Aja timapatsa ana otsegula m'mimba. Sangathandize?

Mayi Nkhoma a kufamase: Amathandiza munthu amene zinki akuchepadi m'thupi. Pa kuwawa kwa fulajilo palibe chimene angachite, mankhwala akadali m'malovu. Komanso zinki yemweyo amabweretsa nseru ndi kachitsulo mkamwa, makamaka pa njala. Kwa bambo awa ine ndingati ayi.

A Mwale: Kwa awa ayi, tagwirizana. Kwa munthu wa kaputopulilo amene wakhala miyezi lilime lili lozima, ena amayesa, ndipo zotsatira zake zimasiyana. Ine ndimayamba ndasintha mankhwalawo.

Nasoko wa ku Santhe: Anesi anatchula a chifuwa chachikulu. Apongozi anga ayamba mwezi watha, mkodzo ukutuluka wofiira ndipo masiku atatu awa akukana chakudya. Nawonso tingochita za phala ndi bwembazi?

A Mwale: Ayi, amenewo musawasunge pakhomo. Mkodzo, thukuta ndi misozi kukhala kofiirira ngati lalanje ndi rifampisini, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikuluwo, zimayamba tsiku loyamba ndipo si vuto. Kanseru ka masiku oyamba nakonso kamachitika. Koma munthu amene wamwa mankhwala a chifuwa chachikulu kwa milungu ingapo amayenera kuti njala izibwerera, sikelo izikwera. Akayamba kukana chakudya panthawi imeneyi timaganiza za chiwindi, chifukwa atatu mwa mankhwala anayi a m'piritsi lija amatha kuchitupitsa, ndipo kusowa njala kumabwera maso asanachite chikasu. Atulutseni panja pa dzuwa, akokereni chikope m'munsi muone koyera kwa diso. Afunseni ngati akusanza, ngati pansi pa nthiti za kumanja pakupweteka, ngati thupi likuyabwa, ndiponso ngati akumwa mowa, panado wambiri kapena zitsamba. Kaya chikasu chilipo kaya palibe, apite lero kumene amalandirira mankhwalawo ndi khadi lawo. Ngati maso achita chikasu kapena akusanza, asamwe mlingo wotsatira mpaka awonedwe.

Nasoko wa ku Santhe: Ndawayang'ana, maso akuoneka achikasu pang'ono m'mbali. Bambo a kunyumba apita kukafuna njinga yamoto.

Anesi Naphiri: Mutenge mapaketi onse, ndi za zitsamba zomwe ngati zilipo. Mukafika musakhale pa mzere wa onse, uzani wolandira odwala kuti ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu ndipo maso achita chikasu.